Chitini cha Masabata

Chaka chimene ndinatumizidwa kumudzi wina kuseri kwa Molumbo, mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zisanu, ndipo anali atangodziwa kumene kuwerenga. Ankawerenga chilichonse: nkhuku za eni nyumba, njinga zodutsa ndi matumba a chimanga kulowera kuchipata cha Muloza, ngakhale mabowo a m'neti yathu. Bambo ake tinasiyana mwanayo akadayamwa, ndipo nkhani yawo ithere pomwepa. M'nyumba tinali awiriwiri, ine ndi iye, ndipo tinali tisanagonepo kosiyana.

Ndinkagwira ntchito ku kabungwe kena komanga timasukulu m'midzi. Ine ndinali tekinika, woyang'anira kuti zomanga zikuyenda monga zinalembedwera. Kumudziko kunkafunika nyumba yophunziriramo ya makalasi awiri. Msewu wake unali woti ukanyamuka ku Milange m'mawa, ukafika dzuwa likulowa, theka pa galimoto ya katundu, theka pa njinga ya kabaza. Tsiku lopuma linali Lamulungu lokha, ndiye zobwera kudzazonda mwana panalibe. Ndinayenera kumusiya kwa achemwali anga mpaka ntchito itatha.

Ndisanavomere, a shefi, bwana wathu wa ku ofesi, anandipatsa koronogarama, pepala lija losonyeza ntchito iliyonse ndi masabata ake. Pamwamba panalembedwa kuti masabata khumi ndi awiri. Ine chizolowezi changa n'chakuti nambala ya pamwamba sindiikhulupirira mpaka nditawonkhetsa ndekha za pansi, ndiye ndinatenga pensulo. Kuumba ndi kuwotcha njerwa, masabata anayi. Kututa mchenga kumtsinje, awiri. Kuswa miyala, awiri. Maziko masabata awiri, makoma atatu, denga sabata imodzi, pulasitala ndi penti awiri. Zonse pamodzi zinakwana khumi ndi asanu ndi limodzi.

"A shefi, apa pali masabata anayi amene asowa pokhala," ndinatero.

Iwo anaseka, n'kuika chala papepalapo. "Yang'anitsitsani, mayi. Njerwa aumba a mpingo. Mchenga atuta a komiti ya sukulu. Miyala aswa a bungwe la alimi. Magulu atatu, onse ayamba tsiku limodzi. Doze, khumi ndi awiri, basi."

Ankanena zoona. Ntchito zotsatana umaziphatikiza, koma zoyendera limodzi umangotenga yotalikitsayo, zinazo zimathera m'kati mwake. Mchenga ndi miyala zikanathera m'masabata anayi a njerwa aja. Anayi, awiri, atatu, limodzi, awiri: khumi ndi awiri ndendende. Ndinasaina mtima uli m'malo.

Madzulo a tsiku limenelo ndinatola timiyala khumi ndi tiwiri pabwalo, n'kutiika m'chitini chopanda kanthu cha mkaka. Ndinamuuza mwana kuti Lamulungu lililonse akabwera ku Misa azichotsamo kamodzi. "Chitini chikadzakhala pululu, uzidzayang'ana kumsewu." Anatikhuthulira pamphasa n'kutiwerenga kawiri, kuopa kuti ndamubera. Uko ndiko kutengera kwa make.

Kumudziko anandipatsa kachipinda kuseri kwa tchalitchi, momwe ankasungiramo ng'oma ndi mabenchi othyoka. Masiku oyamba anandilandira bwino zedi. M'mawa ndinkapeza nthochi pakhomo, kapena mbatata yowotcha yokulunga m'tsamba, osadziwa wabweretsa ndani. Wondiyang'anira anali a animadori, mkulu wotsogolera mapemphero popeza ansembe ankafikako mwa kamodzikamodzi. Anali bambo wowonda, woyankhula motsitsa, wokonda kuseka asanayankhe funso. Ankanditcha sinyora tekinika, ngakhale ndinali msinkhu wa mwana wawo.

Sabata yoyamba njerwa zinayamba kuumbidwa, anthu ali m'matope mpaka m'mawondo, amayi akupikisana ndi ndowa za madzi. Zinali zosangalatsa kuona. Koma kumtsinje kunali zii, ndipo kuphiri sikunamveke nyundo ngakhale imodzi. Nditafunsa za a komiti ya sukulu anati abwera. Za a bungwe la alimi, anati akukonzeka. Ndinaganiza kuti ndi ulesi wa poyambira ntchito.

Sabata yachiwiri ili kumapeto ndinapsa mtima. Ndinapempha kuti Loweruka masana atsogoleri a magulu atatuwo akumane nane. Ndinayala mabenchi atatu pakhonde la tchalitchi. Anabwera a animadori okha, atasamba, atavala jekete, n'kukhala pa benchi yapakati.

"Nanga a pulezidenti a bungwe la alimi?"

Anaseka kaye. "Ndine ndemwe, sinyora."

"Nanga a komiti ya sukulu?"

"Apo ndine wachiwiri chabe. Wamkulu wake ndi mlamu wanga uja munamuona akuponda dothi. Wati mumukhululukire, msana."

Ndinafuna kuseka koma kuseka sikunabwere. Ndinawapempha anditchulire a mpingo amene angagwire ntchito, kenaka a bungwe, kenaka a komiti. Anali anthu omwewo, mabanja omwewo amene ndinali kuwaona pa dzenje la dothi masiku onsewa. Magulu analidi atatu, koma manja anali amodzimodzi.

"Ndiye munavomereranji ntchito zitatu nthawi imodzi?"

"Sitinavomere nthawi imodzi ayi," anatero. "Anabwera akwanu aja n'kuti tikufuna tikumane ndi mpingo. Tinakumana nawo muno. Patapita mwezi kunabwera wina, ati bungwe la alimi. Tinakumana naye pansi pa mtengo wa mango apo. Wachitatu anafuna komiti, tinapita naye kusukulu yaudzu ija. Aliyense anafunsa kuti muthandiza chiyani. Nanga mlendo wabwera ndi sukulu m'manja, umuuze kuti ndinalonjeza kale kwa mnzako? Amayankhidwa kuti inde. Kuno aliyense wobwera amafuna gulu lakelake, ndiye timamupatsa."

Sanali kunama, ndipo sanali kuchenjera. Umo ndi momwe ankalandirira alendo. Atatu a ku ofesi aja aliyense anabwerera ndi lonjezo lake, malonjezowo n'kuikidwa pambalipambali papepala ngati a anthu osadziwana.

Lamulungu masana anthu atabalalika ndinakhala pakhonde lomwelo n'kuwonkhetsanso. Ngati manja ndi omwewo, ntchito zitatu zija sizingayendere limodzi, ziyenera kutsatana: anayi, awiri, awiri, masabata asanu ndi atatu m'malo mwa anayi. Khumi ndi asanu ndi limodzi aja ndinawathamangitsa ku ofesi anali atandilondola. Ndinafufuza pobisalira. Njerwa zikaumbidwa zimafuna sabata yathunthu youma zisanapangidwe uvuni, ndipo sabata imeneyo manja amakhala omasuka, angathe kututa mchenga. Apo ndinapulumutsa sabata imodzi. Ndinayesa kuti maziko ayambe uvuni ukuyaka, koma zinakanika, chifukwa kukumba ngalande ndi kutunga madzi a amisiri kunkafunanso anthu omwewo amene akanakhala akusenza nkhuni. Ndinatembenuza pepalalo uku ndi uku. Linakana kutsika pa khumi ndi asanu.

Nthawi imeneyo kwathu Misa inali itatha kalekale. Ndinadziwa kuti mwana wachotsa kamwala kachiwiri, ndipo akudziwa kuti kwatsala khumi. Ine ndekha padziko lonse ndinkadziwa kuti kwatsala khumi ndi atatu. Chimenecho chinandiwawa kuposa china chilichonse.

Netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu china kuseri kwa munda wa nandolo. Ndinakwera Lolemba n'kuimbira a shefi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapuma mokoka.

"Zamveka. Koma otipatsa thandizo anavomereza doze. Musiye choncho, mayi. Muwakankhe anthuwo, azigwira m'mawa ndi madzulo. Ikadzakwana nthawi tidzaona."

Kudzaona kumeneko ndinkakudziwa. Amisiri anapanganidwa masabata khumi ndi awiri, ndipo ine chimodzimodzi. Sabata yakhumi ndi chiwiri ikanatipeza makoma atangofika pamwamba, denga palibe. Amisiri akananyamula zipangizo zawo kupita ku ntchito ina, ine n'kukwera njinga kubwerera kwa mwana wanga pa tsiku lenilenilo ndinalonjeza, mvula n'kubwera kudzasamba m'makalasi. Nyumba zoterezi ndaziona zambiri m'mbali mwa misewu yathu, udzu utamera m'kati, mbuzi zikubisalamo dzuwa. Ndinene mosabisa, maganizo ongokhala chete anandikomera kwambiri. Palibe akanandiloza chala. Pepala linali losainidwa, ndipo masamu ake anali olondola.

Madzulo ake a animadori anabwera, chipewa chili m'manja. Anali atamva kale, pakuti pachulu paja sipabisika mawu.

"Sinyora, mukalemba kuti magulu atatu ndi gulu limodzi, akuluakulu aja adzati kuno kulibe anthu. Sukulu yotsatira adzaipititsa kwina. Ngakhale mjigo tinapempha uja."

"Ndikapanda kulemba, iyi yomweyi ikhala yopanda denga, bambo."

"Denga tingadzafolere ndi udzu. Mbiri ikaipa siifoleredwa." Anayang'ana pansi. "Inu ndinu mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Otsala kuno ndife."

Mantha awo sanali opanda pake. Komabe ndinalembera ku ofesi. Ndinafotokoza kuti anthuwo ndi akhama, kuti njerwa anaziumba pa nthawi yake, koma kuti munthu mmodzi sangakhale kumtsinje, kuphiri ndi pa dzenje la dothi m'mawa umodzi. Ndinajambula koronogarama yatsopano ya masabata khumi ndi asanu, n'kupempha kuti amisiri ndi simenti zichedwe kubwera ndi masabata atatu, kuopa kuti amisiri angadzangokhala ndipo simenti ingadzaume m'matumba. A shefi anavomera patapita masiku, ndi mawu awiri okha pa foni. Sanandiimbirenso mwezi wonse.

Ndinatsala ndi foni yovuta. Achemwali atamva anati, "Aa, zimenezo zisakuvute. Ndiponyamo timiyala titatu iye akusewera. Mwana adziwa chiyani?"

"Ameneyo amawerenga m'mawa uliwonse, achemwali. Mpatseni foni."

Ndinamufotokozera monga ndikanafotokozera munthu wamkulu, kuti ntchito yatalika, ndipo atole yekha timiyala titatu aonjezere.

"Munawerenga molakwa, amayi?"

"Ayi, mwanawe. Ndinawerenga bwino. Koma anthu ake ndi ochepa."

"Ndiye chitini chinanama?"

"Chitini sichinaname."

Anangoti chabwino, n'kubwezera foni kwa mayi ake aakulu. Ndinakhala pachulupo kwa kanthawi, nyerere zikundikwera m'miyendo, ndisakuzimva.

Kuyambira sabata imeneyo nthochi zinaleka kubwera pakhomo. Palibe ananditukwana, palibe anakana ntchito. Moni ankandipatsa, waulemu wake ndithu, koma wothera pomwepo. Ndikafika pomwe amayi akututa mchenga, nkhani inkasintha kuchoka m'Chinyanja kupita m'Chilomwe, chimene ine ndimangotolamo mawu amodziamodzi. Ndinali munthu uja anawawerenga n'kukauza akunja kuti ndi ochepa. Kutchalitchi benchi yanga inkakhala ndi malo mbali zonse ziwiri. Ndinkaphika ndekha, kudya ndekha, mbale imodzi, supuni imodzi, ndipo nthawi zina ndinkazindikira kuti tsiku lonse pakamwa panga patuluka nambala zokhazokha: mawilibala angati, mizere ingati ya njerwa. Ndinayamba kuyankhula ndi buluzi wa pakhoma la kachipinda kaja. Anali womvera bwino kuposa a shefi.

Ndinkasowa mwana wanga mpaka m'mafupa. Kusowa kwake sikunkabwera pa zinthu zazikulu ayi. Kunkabwera ndikamapesa tsitsi langa n'kukumbukira kuti lake akumuluka ndi munthu wina, amene sadziwa kuti kuseri kwa khutu lakumanzere kumamupweteka.

Ntchito inayenda monga ndinawerengera. Mchenga unatha sabata yachisanu, miyala yachisanu ndi chiwiri, amisiri anafika n'kupeza zonse zili pamalo. Sabata yakhumi ndi chiwiri, imene ndikanakhala ndikumanga katundu, tinali kumaliza makoma. Yotsatira yake malata anakwera. Patangopita masiku ochepa mvula yoyamba inagwa, yamphamvu, ndipo tinaima m'kati mwa kalasi, ine ndi amisiri ndi a animadori, tikumva ikulira padenga, pansi pali gwa. A animadori anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

Mvula yomweyo ndiyo inandilanga. Msewu unasanduka phala, galimoto yobweretsa zitseko ndi simenti yotsala inatitimira kutali, ndipo anthu onse anathamangira kuminda kukabzala, monga anayenera. Mmisiri sangapake pulasitala popanda womutungira madzi. Masabata ena awiri anapita. Amenewa sanali pa pepala lililonse, lakale kapena langa.

Ndinakweranso chulu, choterera tsopano. Mwana anakana kubwera pa foni. Achemwali anati akusewera, koma ndinkamumva akupuma pafupi pomwepo. Ndinawapempha amuuze kuti aonjezere tiwiri.

Ndinachoka kumudziko patatha masabata khumi ndi asanu ndi awiri. M'mawa wonyamuka ndinapeza mkoko wa nthochi pakhomo, wosadziwika mwini monga kale. Za mjigo uja sindinamve kuti zinatha bwanji, ndipo mpaka lero ndimaopa kufunsa.

Ndinafika ku Milange dzuwa likulowa, phiri la Tumbine litafunda mitambo. Njira yonse ndinali kuona m'maganizo mwana akuthamanga kuchokera pachipata. Ndinamupeza atakhala pakhonde la achemwali, atatalika, dzino limodzi lakutsogolo palibe. Anaimirira n'kundipatsa moni ndi manja awiri, mwaulemu, monga amachitira kwa alendo. Ndinamukumbatira, iye anangoima n'kulola.

Titalowa m'nyumba ndinaona chitini chija pawindo. Ndinachinyamula kuti tiseke limodzi kuti chatha, koma chinali cholemera. Chinali chodzaza ndi timiyala mpaka pakamwa, tina titagwera pansi.

Ndinayang'ana achemwali. Iwo anapukusa mutu. "Si ine. Tsiku lija unaimba kachiwiri, anatuluka ndi chitinicho, anabwera nacho chili choncho. Kuchokera pamenepo sachotsamonso."

Ndinagwada kuti tilingane. "Bwanji unadzaza chonchi, mwanawe?"

Anayang'ana chitinicho, osati ine.

"Kuti musamavutike kuimba," anatero. "Kuti chisamathe."

Ndinamuuza kuti ndabwera, sindipitanso, tikhuthule tonse awiri. Anaganiza kaye, kenaka anachilanda m'manja mwanga mosamala, n'kuchibwezera pawindo pomwe chinali.

"Chikhale kaye," anatero.